Lolemba lafika, dzukani tiyambepo

Lolemba loyamba la Januwale
Mwadzuka bwanji abale anga? Mpunga ndi nkhuku za pa Khirisimasi zinapita, musadziimbe nazo mlandu. Valani nsapato zomwe muli nazozo, muyende mphindi 20 musanasambe. Za lero n'zomwezo basi.

Lolemba lachiwiri la Januwale
Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata. Musachite nazo mantha. Ndi mphindi 30 patsiku, Lolemba mpaka Lachisanu. Tsikani minibasi siteji imodzi musanafike kuntchito, kotsalako mumalize wapansi.

Lolemba la mvula, Febuluwale
Kunja kukugwa mvula, ndaiona. Sunthani tebulo pabalaza. Masikwati 15, mapushapu 10, kuthamanga pamalo amodzi mphindi imodzi. Pumani pang'ono, mubwereze katatu. Ngati mapushapu akukanika, gwadani kaye mawondo pansi, amenewonso ndi mapushapu.

Lolemba, Malichi
Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Lero dumphani kamodzi.

Lolemba, Epulo
Anthu ambiri amandiuza kuti ayamba akapeza ndalama ya jimu. Zimandipweteka mtima, chifukwa zida muli nazo kale pakhomo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Ndiye kuti chigubu cha malita 5 chija chikadzaza ndi makilogalamu 5. Tengani ziwiri, china kumanja china kumanzere, msana chilili, mapewa kumbuyo, muzungulire nyumba kasanu. Amayi amene mumasenza ndowa ya malita 20 kuchokera kumjigo, mphamvu muli nazo kale. Chatsala n'kuphunzira kunyamula ndi miyendo, osati ndi msana.

Lolemba, Meyi
Sindidzakuuzani kuti musiye nsima. Chepetsani mtanda umodzi, muwonjezere chisoso, nkhwani kapena bonongwe. Nyemba, usipa, mazira, soya, zonsezi zimamanga minofu ndipo zili pamsika pompano.

Lolemba la Chiperoni, Juni
Nkhungu yaphimba phiri la Soche, bulangete likukoma. Ndikudziwa. Valani juzi ndi chipewa, mutenthetse thupi mphindi 10 musanayambe kuthamanga, chifukwa minofu yozizira sichedwa kukokeka. Ine ndili kale pa Njamba, ndikudikira inu.

Lolemba, Julaye
Mwezi uno maso athu ali ku Mulanje, komwe kumachitika mpikisano wa onyamula katundu wa alendo okwera phiri. Amuna ndi akazi amakwera phiri lija akuthamanga, n'kutsikanso tsiku lomwelo. Nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo aliyense amene anafikako anayambira pansi. Inu kwerani kachitunda ka kwanuko kawiri, mudzandiuze mmene mtima unagundira.

Lolemba, Ogasiti
Mwajomba masabata atatu? Bwerani. Palibe amene akufunseni komwe munali.

Lolemba, Seputembala
Lero ndikulankhula ndi abambo a zaka 40 kupita m'tsogolo. Matenda a kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sapweteka paliponse, munthu amangoyenda nawo osadziwa. Kayezetseni sabata ino. Makina akaonetsa 140 pa 90 kapena kuposa, mverani zomwe akuuzeni kuchipatala, ndipo ngati akupatsani mankhwala musawasiye chifukwa choti mwayamba kuthamanga. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wothira kale mu ndiwo. Ana anu akufuna mudzavine nawo paukwati wawo.

Lolemba, Okutobala
Dzuwa la mwezi uno si lamasewera. Thamangani m'mamawa kapena litapendeka, botolo la madzi m'manja. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri, thupi likupempha madzi. Mukamva chizungulire, imani pamthunzi. Kuthamanga si kufika.

Lolemba lina la Okutobala
Mayi wina wa m'gulu lathu anayamba akulephera kuzungulira bwalo kamodzi. Ankaima pakati, manja m'chiuno, akupuma mwawefuwefu. Loweruka lapitali wamaliza makilomita 5 osaima, ndipo sikelo sinasunthe kwenikweni. Koma akuti akugona bwino, ndipo masitepe a kuofesi akukwera akucheza ndi anzake. Ine ndimanyadira zimenezo kuposa nambala ya pasikelo.

Lolemba, Novembala
Kwa inu amene mwayamba kulima: khasu nalonso ndi masewera. Mukaweruka kumunda tambasulani msana ndi miyendo, mudye mokwanira, mugone maola 7 kapena kuposerapo. Minofu imakula munthu akupumula.

Lolemba loyamba la Disembala
Imbirani mnzanu mmodzi usiku uno, mumuuze kuti mawa mukamugogodera. Tikumana pa Njamba 5 koloko m'mawa, Lachiwiri ndi Lachinayi. Oyamba kumene tidzayenda nawo kumbuyo, ndipo ine ndidzakhala komweko. Osaiwala madzi ndi kathaulo.