Utsamunda ukalowa m'nyumba: pepala lotsegulira zokambirana za Lachinayi

Semina ya ophunzira a chaka cha 4, phunziro la nthano zazitali zolembedwa pothana ndi utsamunda. Mabuku a sabata ino: Things Fall Apart, No Longer at Ease, A Grain of Wheat ndi Nervous Conditions.

A Dokotala, ndi inu nonse anzanga, ndapatsidwa mphindi 15 zoti nditsegulire nkhani, ndiye ndingolunjika pa mfundo imodzi. Sabata yatha ambiri tinkalankhula ngati mabuku amenewa ndi mlandu wa anthu awiri, mzungu uko, munthu wakuda kuno, mwambo wabwino mbali iyi, sukulu ndi tchalitchi mbali inayo. Ine ndikuti alembi amenewa sanalembe choncho. Mzungu amaoneka pang'ono kwambiri m'masamba awo. Nkhondo yeniyeni ikuchitikira m'nyumba, pakati pa bambo ndi mwana, mlongo ndi mlongo wake, ndipo funso loti "ndine yani" likubwera ngati funso la ngongole: anakulipirira ndani kuti ufike pamene ulipo, ndipo akufuna umubwezere chiyani?

Ndiyambe ndi Chinua Achebe. Things Fall Apart inatuluka mu 1958, Nigeria isanalandire ufulu mu 1960. Tonse timakumbukira Okonkwo, mphamvu zake, zaka 7 zimene anakhala kwawo kwa mayi ake ku Mbanta, ndi kudzimangirira kwake atapha mesenjala wa khoti. Koma taonani anthu amene anayamba kulowa mpingo. Sanali akuluakulu a maudindo ayi. Anali osu, anthu osalidwa amene sankaloledwa kumeta tsitsi kapena kukwatirana ndi mfulu. Anali Nneka, mayi amene anabereka mapasa kanayi konse, ana onsewo n'kutayidwa kunkhalango. Anali Nwoye, mwana wa Okonkwo yemwe, amene mtima unamusweka tsiku limene bambo ake anabwerako atapha Ikemefuna, mnyamata amene ankawatchula kuti bambo. Achebe sakunena kuti amishoni anachita bwino. Akungotionetsa kuti midzi ya Umuofia ndi Mbanta inali ndi anthu amene inawalakwira kale, ndipo mlendo atafika anthu amenewo anapeza kothawira. Amene akufuna kunena kuti Nwoye anagulitsa mtundu wake ayambe watiuza kuti akanapita kuti.

Chimene Achebe samukhululukira mtsamunda chili patsamba lomaliza. Bwana Disi wangoona mtembo wa Okonkwo uli lende mumtengo, ndipo pobwerera akulingalira za buku limene akulemba. Poyamba akuganiza kuti munthuyu angakwane mutu wonse, kenako akuti ayi, ndime imodzi ikwana. Ife owerenga takhala ndi Okonkwo m'mitu 24, tikudziwa mantha ake oti angafanane ndi Unoka bambo ake, tikudziwa mmene ankakondera mwana wake wamkazi Ezinma mobisa. Zonsezo zikukapanikizidwa m'ndime imodzi ya munthu wosadziwa ngakhale chiyankhulo cha anthuwo. Mfuti inapha anthu ku Abame, inde, koma mphamvu yolemba mbiri ya mnzako iye ali chete ndi imene inatsala atsamunda atapita.

No Longer at Ease, ya 1960, ambiri mwaiwerenga mothamanga, ndipo ndikudandaula chifukwa ndi imene ikutikhudza ife tili m'chipinda chino. Obi ndi mdzukulu wa Okonkwo, mwana wa Nwoye uja, amene tsopano ndi Isaac, katekisiti wopuma. Bungwe la anthu a ku Umuofia okhala m'tauni linasonkha mapaundi 800 kuti akaphunzire zamalamulo ku Mangalande, adzawathandize pa milandu ya malo. Iye anakaphunzira Chingerezi. Wabwerako, wapeza ntchito m'boma ku Lagos, ali ndi galimoto, koma ngongole ya bungwe, fizi ya mng'ono wake, matenda a mayi ake ndi msonkho zamuzinga. Anthu omwewo amene akufuna ndalama zawo akufunanso kuti azioneka ngati bwana. Mapeto ake akugwidwa ndi chiphuphu cha mapaundi 20. Ndipo pamene akufuna kukwatira Clara, amene ndi osu, womukaniza ndi bambo ake, Mkhristu uja amene anachoka pakhomo pa Okonkwo chifukwa cha nkhanza za mwambo. Apa sitinganene kuti mbali ina yapambana. Mwambo ndi mpingo zagwirizana pa mutu wa mnyamata mmodzi.

Za Ngũgĩ wa Thiong'o ndinena mwachidule poti gulu lachiwiri lidzazifukula sabata ya mawa. A Grain of Wheat, ya 1967, ikuchitika m'masiku ochepa otsogolera ku ufulu wa Kenya pa 12 Disembala 1963. Mudzi ukufuna ngwazi yoti ilankhule pachikondwerero, ndipo wasankha Mugo, osadziwa kuti ndi iyeyo anapereka Kihika, msilikali wa Mau Mau, kwa azungu. Aliyense m'bukumo ali ndi chimene akubisa cha m'nthawi ya nkhondo ya Mau Mau. Gikonyo anaulula lumbiro kuti atuluke m'ndende abwerere kwa mkazi wake Mumbi. Koma kachinthu kamene ndikufuna musakaphonye ndi ka munda: Gikonyo ndi anzake akufuna kugula famu ya mzungu amene akuchoka, apita kwa phungu wawo kuti awathandize kupeza ngongole, ndipo pofika pafamupo apeza chikwangwani cha dzina la phungu yemweyo. Mbendera isanakwere n'komwe, malo apita kale.

Buku limene ndikhalitsepo ndi la Tsitsi Dangarembga, Nervous Conditions, la 1988. Nkhani ikuchitikira ku Rhodesia cha m'ma 1960 kulowa m'ma 1970, ndipo mfotokozankhani, Tambu, akuyamba ndi kutiuza kuti imfa ya mlongo wake Nhamo sinamumvetse chisoni. Poyamba zimadzidzimutsa. Kenako timaona chifukwa chake. Ndalama za fizi zitachepa, amene anapitiriza sukulu ndi mnyamata. Tambu, ali kamtsikana, analima kamunda ka chimanga kuti adzilipirire yekha, ndipo Nhamo ankaba chimangacho n'kumagawira anzake. Mphunzitsi wina anamutengera ku Umtali kukagulitsa mondokwa, mayi wina wachizungu anamumvera chisoni n'kupereka mapaundi 10, ndipo bambo ake a Tambu anapita kusukulu kukalimbana kuti ndalamazo n'zawo popeza mwanayo ndi wawo. Malo a kusukulu ya mishoni Tambu anawapeza chifukwa choti Nhamo wamwalira basi.

Tsono taonani Babamukuru, bambo ake aakulu. Ndi mphunzitsi wamkulu pa mishoni, anaphunzira ku South Africa ndi ku Mangalande, ndipo banja lonse limadya kwa iye. Si munthu woipa mtima. Amalipira fizi, amakonza nyumba za kumudzi, amabweretsa nyama pa Khirisimasi. Koma thandizo lake lili ngati ngongole ya katapila, yoti ukabweza imakulirakulira. Ataona kuti m'banja mwachuluka mavuto, akugamula kuti makolo a Tambu, amene akhala limodzi zaka zambirimbiri ndi kubereka ana, akadalitse ukwati wawo kutchalitchi chifukwa akukhala mu uchimo. Tambu akuona kuti makolo ake asanduka choseketsa, ndipo m'mawa wa ukwatiwo thupi lake likukana kudzuka pabedi. Chilango chake ndi zikoti 15 ndi kugwira ntchito za wantchito wa m'nyumba kwa masabata 2. Palibe mzungu m'chipindamo. Amene akukwapula ndi munthu amene amishoni anamulera kuti akhale chitsanzo cha Mwafirika wabwino, ndipo ulemu umene akuufuna ndi wa mutu wa banja wa Chishona. Mphamvu ziwirizi zalowana moti simungazilekanitse. Mkazi wake, Maiguru, ali ndi digiri yachiwiri ngati mwamuna wakeyo, koma malipiro ake sawagwira m'manja.

Nyasha, mwana wa Babamukuru, anakulira ku Mangalande zaka 5 n'kubwerako Chishona chitamuthawa. Anzake kusukulu akuti ndi wodzimva, bambo ake akuti ndi wopanda mwambo, chonsecho anamutengera kunjako ndi iwo omwe. Iye ndiye amaona zonse bwinobwino, ndipo kuona kumeneko n'kumene kukumudwalitsa. Akudya pamaso pa bambo ake n'kukasanza kubafa. Usiku umene wasokonezeka, akung'amba buku la mbiri yakale ndi mano. Dokotala wa zamaganizo woyamba kumuona akuti Mwafirika sangadwale nthenda yotere, mtsikanayo akungochita matama. Mayi ake a Tambu ali ndi yankho lawo, akuti chapha ana ndi Chingerezi. Ine sindikuganiza kuti Dangarembga akuvomereza yankho limeneli lonse, pakuti mayi omwewo ndi amene ankauza Tambu kuti aphunzire kusenza mtolo wa ukazi mwakachetechete. Tambu akudziwa kuti kumudzi kulibe chomudikira koma khasu ndi mtsuko. Akupitabe kusukulu ya masisitere ya Sacred Heart, kumene atsikana akuda 6 aunjikidwa m'chipinda cha anthu 4.

Pali nkhani ya chiyankhulo imene sitingaizembe. Mabuku onse 4 analembedwa m'Chingerezi. Achebe ankati Chingerezicho achipinda mpaka chisenze katundu wa kwawo. Ngũgĩ, atamangidwa mu Disembala 1977 n'kutsekeredwa kundende ya Kamiti, analemba nthano yake yoyamba ya m'Chigikuyu pa mapepala a kuchimbudzi, ndipo mu 1986 anatsanzika Chingerezi m'buku la Decolonising the Mind. Mtsutso umenewu timaukonda chifukwa ndi wosavuta kugawana mbali. Koma kwathu kuno uli ndi mfundo ina. Nthondo, ya Samuel Josiah Ntara, inalembedwa m'Chinyanja n'kutuluka mu 1933, zaka 25 Achebe asanatulutse lake, koma inachokera m'manja mwa mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma ndipo mpangankhani wake amathera pa kutembenuka mtima. Kulemba m'chiyankhulo cha makolo sikunaichotse pansi pa diso la mmishoni. Ndipo Chichewa chitakwezedwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, chaka chomwecho chimene kunabwera lamulo lounika mabuku ndi zisudzo, Chitumbuka chinachotsedwa pa wayilesi ndi m'sukulu. Mnzathu wa ku Rumphi akamva ife tikunena za kumasula maganizo polemba m'Chichewa, ali ndi chifukwa chofunsa kuti akumasulidwa ndani.

Kwa mphindi zotsalazi ndikupempha tiyambe ndi Nwoye ndi Tambu. Onse awiri anachoka pakhomo chifukwa pakhomopo panali chowawa chenicheni, ndipo onse awiri analandiridwa ndi mishoni. N'chifukwa chiyani ambiri a ife timamuweruza Nwoye koma Tambu timamuchemerera? Kodi n'chifukwa Tambu akudzifotokozera yekha nkhani yake pamene ya Nwoye tikuimva tili pambali pa bambo ake? Kachiwiri, ndikufuna wina ateteze Babamukuru moona mtima, makamaka amene fizi yawo ya chaka chino yachokera kwa amalume kapena achimwene a m'tauni, ndipo ndikudziwa kuti tilipo ambiri. Funso la Nthondo ndalisiyira a Dokotala, popeza m'laibulale muli kope limodzi lokha ndipo gulu lathu silinathe kuliwerenga lonse. Amene muli ndi Nervous Conditions tsegulani mutu 8, pa m'mawa wa ukwati, tiwerengere limodzi ndime imeneyo tisanayambe kutsutsana.