Chiponde chauchi chija chatheka, bwerani mudzalawe

Okondedwa makasitomala athu,

Muli bwanji kumeneko? Ife kuno ku Mchesi tili bwino, kungoti mbaula sizikuzima masiku ano.

Ambiri mwa inu mukabwera kudzagula chiponde mumatifunsa kuti, "Kodi chotsekemerako pang'ono mulibe? Ana akumachikana chamcherechi." Ena munatiululira kuti mukafika nacho kunyumba mumathiramo shuga nokha. Tinamva ndithu. Kuyambira Loweruka likubwerali, tiyamba kugulitsa chiponde chauchi, ndipo tati uthengawu uyambe wafika kwa inu amene mwakhala mukutigula, tisanauze anthu ena.

Mtedza wake ndi womwe uja munauzolowera, wa CG7 wochokera ku Mchinji, wokolola chaka chino. Amayi athu amausankha pamanja palichero, wonyala ndi wachuku n'kutaya, kenako n'kuukazinga pamoto wapang'onopang'ono. Uchi tikugula kwa alimi a njuchi a ku Ntchisi. Shuga mulibemo, mafuta ophikira sitinathiremo. Choncho mukaona mafuta atayandama pamwamba musadabwe, ndi a mtedza womwewo, ingotakasani ndi supuni. N'cholimbirapo kuposa chija chakale, ndiye pa buledi wofewa muzipaka mofatsa. Koma mukafuna kuchimva bwino, yesani m'phala lam'mawa kapena pa mbatata yootcha. Kundiwo ayi, mungaononge chisoso chanu. Chotendera ndi chamchere chija, ndipo sitinasiye kupanga.

Kwa amene muli ndi makanda: mwana wosakwana chaka chimodzi sapatsidwa uchi, ndiye ichi chikhale cha akuluakulu ndi ana okulirapo.

Botolo la magalamu 500 tizigulitsa K8,500, koma inu mugula pa K7,500 mpaka kutha kwa mwezi uno. Mukabweza botolo lakale lotsuka bwino, tichotserapo K300 ina. Kulipira ndi monga mwa nthawi zonse, pa Airtel Money kapena Mpamba, pa manambala omwe aja. A mu Lilongwe muno tikutumizirani wakabaza. A ku Blantyre, Zomba ndi Mzuzu, katundu azinyamuka Lachiwiri lililonse.

Ulendo woyambawu tapanga mabotolo 200 okha, poti uchi sitinaupeze wambiri. Ngati mukufuna tikusungireni, ingoyankhani kalata yomwe ino, mutiuze kuti angati. Amene muli pafupi, Loweruka kuyambira 9 koloko m'mawa padzakhala tiyi ndi zigumu pashopu, mudzalawe kaye musanatulutse ndalama. Mukadzaona kuti uchi wachepa kapena wapyola, mudzatiuze mosabisa, chifukwa wachiwiri sitinayambe kupera.

Zikomo kwambiri potigula zaka zonsezi. Mupereke moni kunyumba.

Ndife anu,
A pashopu ya chiponde, Mchesi