Chitenje cha Nsomba

Maso anga alibe vuto. Ndimawerenga nambala ya minibasi ili tsidya lina la msewu, ndipo ulusi ndimalowetsa pa singano popanda magalasi. Chinandithawa ndi nkhope za anthu. Chigwereni pa njinga yamoto ya kabaza n'kumenyetsa mutu pamwamba pa khutu lamanja, ndimaona mphuno, maso ndi milomo, chilichonse pamalo pake, koma sizindiuza kuti uyu ndi uje. Adokotala atayang'ana chithunzi cha ubongo wanga anati kachigawo ka m'munsi, mbali yakumanja, kamene kamazindikira nkhope, kanavulala. Dzina la vutoli anati ndi pulosopaginoziya. Ena amabadwa nalo, ena limawagwera atadwala sitiroko, ndipo mankhwala ake palibe.

Kunyumba sindivutika kwambiri. Tilipo anayi okha, ndipo aliyense ndimamudziwa ndi mawu, msinkhu ndi kayendedwe. Mayi a Tadala amakhwekhwereza phazi lamanzere pang'ono. Tadala, wa zaka zisanu ndi ziwiri, amamangidwa tsitsi ndi mikanda yofiira. Kumsika n'kumene zimavuta, n'chifukwa chake tisanatuluke timapangana: ndimaloweza zovala za aliyense, timasankha malo amodzi okumana, ndipo iwo ndi amene amayamba kundilankhula ponditchula dzina.

Loweruka limenelo tinapita ku msika wa Limbe. Mayi a Tadala anavala chitenje chachikasu cha nsomba zabuluu, mpango woyera kumutu, kamnyamata kathu kali kumsana. Tinagwirizana kuti ine ndikagule misomali ndi malata awiri, iwo akagule ufa ndi usipa, tikumane 11 koloko pomwe amayi amagulitsa tomato pafupi ndi chipata.

Mvula inayamba ndili pa malata. Pamene ndimafika pa tomato, anthu onse anali atathinana m'makhonde, ena atafunda majumbo kumutu, ena atadzikuta zitenje mpaka m'masaya. Oyitanira minibasi anali kukuwa, wailesi ya wogulitsa nyimbo ikulira, mvula ikumenya malata. Mawu a munthu sakanamveka, ndipo poti aliyense anangoima, kayendedwe sikakanandithandiza.

Ndinachiona chitenje cha nsomba. Ndinapita n'kuima pambali pake, mtima utakhala pansi.

"Mwagula usipa uja?" ndinatero.

Mayiyo anatembenuka, n'kufutukula thumba lake kulichotsa mbali yanga. "Mukufuna chiyani bambo inu?"

Mawu sanali amenewo. Chitenje chimodzi amadula pa mpukutu n'kugulitsa kwa amayi ambirimbiri; ndinali kuzidziwa, koma mantha anandifulumizitsa. Ndinapepesa katatu n'kubwerera m'mbuyo. Foni ndinaimba, sinayankhidwe.

Ndinayamba kuyang'ana mayi aliyense wobereka mwana. Anali asanu ndi mmodzi pakhonde limenelo. Wina anandiyang'ana nthawi yaitali, milomo yake ikuyenda, dzanja lili m'mwamba. Anali atavala siketi yakuda, wopanda mpango. Ndinayang'ana kumbali, poopa kuchitanso manyazi.

Kenako kadzanja konyowa kanandigwira malaya. Kanali kamtsikana kofunda jumbo lakuda kumutu, miyendo ili matope okhaokha. Ndinaganiza kuti ndi mmodzi wa ana opemphetsa a mtauni.

"Pepa mwanawe, lero ndilibe kanthu," ndinatero, n'kuchotsa kadzanjako pa malaya anga.

Sikanachoke. Kanandiyang'ana, chibwano chikunjenjemera. Kenako kanagwira zala zanga ziwiri, cha mkombaphala ndi chapakati, n'kuzifinya kawiri. Umu ndi mmene timachitira tikamawoloka msewu popita kusukulu.

Ndinatembenuza kadzanjako. Pa chala chachikulu panali chipsera cha mbaula cha chaka chatha. Ndinagwada m'matopemo, malata n'kugwera pansi, ndinakweza jumbo lija n'kuona mikanda yofiira.

"Ababa, ndine Tadala," anatero pakhutu langa, akulira. "Amayi akhala akukuitanani. Ali apo."

Analoza mayi wa siketi yakuda uja. Anabwera akudutsa pakati pa anthu, ndipo atangoponya mapazi atatu ndinaliona phazi lamanzere likukhwekhwereza.

"Bambo a Tadala, ndine," anatero asanafike n'komwe. "Chitenje ndakutira ufa kuti usanyowe, mpango ndafunditsa mwana. Foni ili pansi pa thumba. Pepani, sindinaganize."

"Mwachita bwino, ufa ukanawonongeka," ndinayankha.

M'minibasi Tadala anakhala pamiyendo panga osalankhula mpaka pa Bangwe. Titatsala pang'ono kutsika anafunsa kuti, "Ababa, mikanda ikadzaduka mudzandidziwa bwanji?"

"Udzandigwira zala ziwiri," ndinatero. "Ndipo ukhale woyamba kulankhula, ngakhale ndikuyang'ane ngati mlendo."

Usiku umenewo mayi ake anatenga ulusi wofiira wa juzi yakale n'kuluka tizingwe titatu ta pamkono, ka mwana aliyense ndi kawo. Anamanga mfundo ziwiriziwiri, n'kundipatsa kuti ndikoke ndione ngati zalimba.