Ndatula choko, zikomo nonse

Ana anga nonse, aphunzitsi anzanga, makolo ndi mafumu a kuno kwathu ku Mulanje,

Lachisanu lapitali ndinapereka makiyi a kabati ya Sitandade 2 kwa a hedi, ndinasayina m'buku komaliza, n'kutuluka pageti ndi chikwama chopepuka. Zaka 60 zakwana ndipo boma lati ndikapume. Pa asembule munandipatsa mpata woti ndiyankhule, koma amene munalipo munaona nokha kuti mawu anakanirira pakhosi. Ndinangoti "zikomo" kawiri, ana n'kuyamba kuseka, ine n'kukhala pansi. Ndiye ndati ndilembe pano, kuti ngakhale inu muli ku Lilongwe, ku Joni kapena kutsidya ku Milanje mumve zimene ndinalephera kunena.

Ndinayamba ntchito mu 1987 nditangotuluka ku koleji ya aphunzitsi ya Blantyre. Ndinali kamtsikana koonda, ka nsapato imodzi yokha ya pulasitiki, ndipo tsiku loyamba amayi ena anandifunsa ngati ndabwera kudzalembetsa Sitandade 8. Zaka 38 zadutsa chiyambire tsiku limenelo. Ndaphunzitsa pa sukulu zitatu, zonse za m'boma lomwe lino, ndipo pafupifupi zaka zonsezi ndakhala ndi ana aang'ono, a Sitandade 1 ndi 2. Ena ankandimvera chisoni kuti sindikukwera. Ine sindinadandaulepo. Amene sanaonepo nkhope ya mwana tsiku limene wazindikira kuti "m" ndi "a" akaphatikizana akuti "ma", ndipo "ma" awiri ndi mayi ake omwe, sangamvetse chimene chinandisunga kumeneko.

Dzina lija munandipatsa ndimalidziwa. Mumaganiza kuti ndi chinsinsi, koma ndinalimva kalekale, cha m'ma 1990, kuseri kwa chimbudzi: Mayi Bwerezanso. Ndinkangonamizira kusamva. Lero ndikulilandira ndi manja awiri, chifukwa n'zoona, ndinakubwerezetsani mpaka mawu kusasa.

Amene munayamba sukulu mu 1994 ndinu a gulu lapadera kwa ine. Chaka chimenecho boma linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo m'dziko lonse ana anachoka pa pafupifupi 2 miliyoni kufika cha pa 3 miliyoni. Kwa ife amene tinali m'kalasi, chimene tinaona ndi fumbi. Ana anatuluka m'midzi ngati ngumbi mvula yoyamba itagwa, ena a zaka 6, ena a zaka 13 oyamba kale kumera ndevu, ena atabereka mng'ono wawo kumbuyo. Ine ndinapatsidwa ana 187 pansi pa mtengo wa mango, bolodi titakoloweka pa msomali. Kuitana mayina kokha kunkatha piriyodi yonse. Chiperoni chikatsika m'phirimu, ana onse kunjenjemera, makope kunyowa, tinkathamangira pakhonde la tchalitchi n'kumaimba nyimbo mpaka kuche. Nthawi imeneyo anatitumizira aphunzitsi achinyamata amene anali asanapite ku koleji, ongophunzitsidwa masabata ochepa. Tinkawaderera, ndivomere. Koma ena mwa iwo, atadzamaliza maphunziro a uphunzitsi otchedwa MIITEP, anadzakhala aphunzitsi oposa ife, ndipo mmodzi ndi amene ndamupatsa makiyi Lachisanu lija. A hedi, ndinakuphunzitsani kulemba sikimu pa tebulo la kunyumba kwanga, nyali ya koloboyi ili pakati. Mwandilamulira zaka 9 popanda tsiku limodzi londichititsa manyazi. Mulungu akudalitseni.

Pali nkhani imodzi imene ndakhala nayo mumtima nthawi yaitali, ndipo mwini wake wandilola kuti ndiinene bola ndisamutchule dzina. Munali mu 1996. Mnyamata wina wa m'kalasi mwanga ankafika mochedwa tsiku lililonse, belu litalira kalekale, ndipo Lolemba ndi Lachiwiri nthawi zambiri sankabwera n'komwe. Masiku amenewo mkwapulo unali pa tebulo la mphunzitsi aliyense, ndipo ine ndinaugwiritsa ntchito pa mwana ameneyu kangapo. Sankalira. Ankangotambasula dzanja, kenako n'kukakhala kumbuyo. Tsiku lina mayi wina wogulitsa zitumbuwa pageti anandiitanira pambali nati, "Aphunzitsi, mwana mukumenyayu munayamba mwafikako kwawo?" Ndinachita manyazi, koma Loweruka ndinapita. Ndinapeza kuti bambo ake anamwalira, mayi ake amalawira mbandakucha kukathyola tiyi ku esiteti, ndipo nyengo ya mvula, pamene masamba amaphuka kwambiri, amabwerako dzuwa litapendeka. Mwana wa zaka 8 ndiye ankatunga madzi, kuphikira azing'ono ake awiri phala, kukawasiya kwa agogo kutsidya la mtsinje, kenako n'kuthamanga mtunda wonsewo kudzalandira mkwapulo wanga.

Sindinagone usiku umenewo. Mkwapulo sindinautaye tsiku lomwelo ayi, ndingakhale ndikunama, koma kuyambira pamenepo ndikaika chizindikiro cha kujomba m'rejisitala katatu motsatizana, ndinkadziwa kuti Loweruka ndili ndi ulendo. Ndayenda m'midzi yambiri chifukwa cha rejisitala imeneyi. Ndapeza ana akudwala malungo popanda wowatengera ku chipatala, ena atapita ndi amalume awo kukagulitsa chinangwa ndi nanazi ku Limbuli tsiku la msika, ena akubisala chifukwa kabudula wang'ambika kumbuyo, atsikana ena akuwakonzera banja. Waulesi weniweni, wongokana sukulu popanda chifukwa, ndinamupeza mwa apo ndi apo. Mnyamata uja lero ndi bambo wa ana anayi, amawotcherera zitsulo pa Chitakale, ndipo mawindo a nyumba imene ndikukapumiramo anapanga ndi iye. Anakana ndalama ya ntchito. Mwana wanga, ndinakupepesa pamaso, ndikukupepesanso pano pagulu. Ndipo nonse amene dzanja langa linakulemerani popanda kufunsa kaye, ndikhululukireni.

N'chifukwa chake pothokoza ndiyambira kwa anthu amene mayina awo salembedwa pa bolodi la mu ofesi. Mayi wa zitumbuwa uja anatisiya, koma ana ake akuwerenga pano: mayi anu anandiphunzitsa zimene koleji sinandiphunzitse. Amayi a gulu loona za atsikana, amene mwakhala mukuyenda nane khomo ndi khomo, nthawi zina kutukwanidwa, kubweza ana amene anabereka kuti adzapitirize sukulu, zikomo. Amayi ophika phala, amene mumafika mdima usanathe ndi nkhuni pamutu popanda malipiro, inu mukudziwa kuti chiyambireni phala rejisitala yanga inayamba kudzaza. Amene tinaona njala ya 2002, ana akugona pa desiki osati chifukwa cha tulo, sitiiona mopepuka kapu ya phala ija. A gulupu ndi a nyakwawa, munaumbitsa njerwa, munaitanitsa makolo pabwalo pamene ife tinalephera. A komiti, tinakangana kangapo pa nkhani ya ndalama za chitukuko, koma midadada iwiri ija yaima. Achimwene olondera, amene munkandisungira njinga yanga ndikachedwa kuchonga, zikomo.

Aphunzitsi anzanga, ndinene chiyani? Tadyera m'mbale imodzi mwezi ukatalika, malipiro atachedwa. Chipereganyu chathu ndi chimene chinalipirira ana anga awiri ku sekondale. Pamene bambo a kunyumba anandisiya mu 2011, munagawana kalasi yanga mwezi wathunthu popanda wodandaula, ndipo aNambewe munagona kwathu masabata awiri. Mu 2020 sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19 tinabwerera n'kupeza ana aiwala ngakhale kugwira pensulo, atsikana ena akuluakulu osabweranso, tinayambiranso pa a, e, i, o, u osanyinyirika. Za Namondwe Freddy mu Malichi 2023 sindikufuna kunena zambiri. Makalasi athu anasanduka malo ogona anthu amene nyumba zawo zinapita ndi madzi ndi miyala yochokera m'phiri, ndipo titatsegulira panali mayina awiri m'rejisitala mwanga amene ndinaitana, kalasi yonse n'kungoti zii. Sindinawafufute mpaka chaka chinatha. Amene munandigwira dzanja tsiku limenelo mukudzidziwa.

Kwa inu achinyamata amene mwangobwera kumene kuchokera ku koleji, ndimakuonani mukuwerengera masiku oti mupemphe transifa kupita m'tauni. Sindikukuweruzani, nyumba za aphunzitsi n'zochepa, ndipo kukwera kabaza tsiku ndi tsiku kumadya malipiro. Koma pamene muli pano, musakane Sitandade 1 ngati kuti ndi chilango. Zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikatuluka timaimbira m'manja mphunzitsi wa kalasi yomaliza, ndipo n'koyenera, koma mwana amene wafika Sitandade 4 asakutha kuwerenga, a MANEB anamulepheretsa kale asanamuone. Mumaphunzitsa bwino kuposa mmene ife tinkachitira, njira zanu zophunzitsira maliwu a malembo ndazikonda ngakhale ndinazilandira mokakamizika. Chimene ndikupempha n'chakuti miyendo yanu idziwe njira za m'midzi imene ana anu amachokera.

Tsopano inu ana anga. Ena ndinu anamwino, ena asilikali, ena madalaivala a minibasi za pa msewu wa Limbe–Muloza amene mumakana kundilipiritsa mpaka ndimachita kukangana ndi kondakitala. Ena muli pa esiteti pomwe panali makolo anu, ena mumaperekeza alendo kukwera phiri kuchokera ku Likhubula mpaka ku Sapitwa, mukuyankhula Chingerezi chimene ine ndimachita kutchera khutu. Ambiri muli kumudzi, mukulima nandolo ndi chimanga, mukulera ana. Musaganize kuti ndimanyadira okhawo ovala tayi. Tsiku lina ku chipatala ndinaona mayi wina akuwerengera mnzake wokalamba zolembedwa pa kapepala ka mankhwala, chala chikuyenda pansi pa mawu monga ndinkakuuzirani. Atadzutsa mutu anati, "Madamu, simukundikumbuka?" Anasiyira Sitandade 5. Ndinabwerera kunyumba ndikumwetulira ndekha mumsewu ngati wamisala.

Nkhope zanu zasintha ndipo maso anga afooka, choncho mukandiona pamsika musadikire kuti ndikuzindikireni. Ndiimitseni, munene dzina ndi chaka. Mukatero ndikuuzani pamene munkakhala, ndi amene munkakhala naye.

Mphatso zanu ndalandira: nsalu, mbuzi ya a komiti, matiresi a aphunzitsi, ndi makalata a Sitandade 2 amene ena alemba "tisalani bwino" m'malo moti "pitani bwino". Sindinawachonge. Ndawasunga m'Baibulo momwe alili.

Sindikupita kutali. Ndili kumudzi kwa amayi anga, kuseri kwa msika wa Chisitu, nyumba ya mawindo obiriwira. Mapepala a penshoni akuti akuyenda, ndiye pakadali pano mukabwera mudzamwa tiyi ndi chinangwa basi. Lachitatu ndi Lachisanu masana ndidzakhala pakhonde ndi bolodi laling'ono limene a hedi andilola kutenga. Mwana aliyense wa m'dera lino amene kuwerenga kukumuvuta mumutumize, palibe kulipira. Ndipo Madamu amene mukutenga kalasi yanga, tsegulani rejisitala pa tsamba lomaliza. Pali mayina atatu amene ndalemba ndi pensulo, ndi midzi yawo. Teremu ino sindinathe kufikako chifukwa cha bondo langali. Wachiwiriyo amakhala ndi agogo ake okha, ndipo agaluwo ndi aukali, muyambe mwaodira muli patali.

Ine wanu,
Mayi Bwerezanso