Kufunsana Mafunso Mayeso Asanayambe: Mavitamini ndi Michere ya M'thupi

Tadala ndi Yamikani akuphunzira zaunamwino ndipo ali pa boma ku Mchinji, kumene akuphunzirira ntchito m'chipatala. Mawa ali ndi mayeso a kadyedwe koyenera. Makope atseka.

Tadala: Tiyambe ndi zofewa. Mavitamini amagawidwa pangati?

Yamikani: Pawiri. Pali osungunuka m'mafuta, omwe ndi A, D, E ndi K. Pali osungunuka m'madzi, omwe ndi C ndi onse a mtundu wa B.

Tadala: Zimenezo ngakhale mwana wa Fomu 2 anena. Kugawako kuli ndi ntchito yanji?

Yamikani: A m'mafuta aja thupi limawasunga m'chiwindi ndi m'mafuta a m'thupi, ndiye munthu sayenera kuwadya tsiku ndi tsiku, koma akachuluka amavulaza, makamaka A ndi D. A m'madzi otsala amatuluka ndi mkodzo, choncho amafunika pafupipafupi. Wosiyana ndi anzake ndi B12, amene amakhala m'chiwindi kwa zaka.

Tadala: Wakhoza. Funsa iwe.

Yamikani: Mwana wa zaka zitatu wa ku Kapiri, dzuwa likangolowa amayamba kupunthwa, mbale ya nsima amachita kufufuza ndi manja. Chavuta n'chiyani?

Tadala: Vitamini A wachepa. Kusaona bwino kukamada ndiye chizindikiro choyamba. Zikapitirira diso limauma, pa mbali yoyera pamabwera timawanga totuwa ngati thovu, kenako galasi la diso limafewa n'kuchita chilonda. Likafika pamenepo kuona kwake sikubwereranso. Mwana wotere amadwalanso kwambiri akagwidwa ndi chikuku kapena kutsegula m'mimba.

Yamikani: Makapisozi a kusikelo, muyezo wake?

Tadala: Wa miyezi 6 mpaka 11 amalandira mayuniti 100,000, kapisozi yabuluu. Wa miyezi 12 mpaka 59 amalandira 200,000, yofiira, miyezi 6 iliyonse. Umadula kansonga n'kufinyira m'kamwa, osam'patsa kuti ameze yonse. Mwana wa chikuku amalandira tsiku lomwe wapezeka nacho ndi mawa lake. Ndipo usadzayerekeze kupereka muyezo waukuluwu kwa mayi woyembekezera, umatha kupundula mwana m'mimba.

Yamikani: Nanga kumudzi aupeza kuti?

Tadala: M'chiwindi, mazira, mkaka, mbatata yofiira m'kati, maungu, mango ndi mapapaya akupsa, bonongwe, nkhwani, chisoso. Shuga ndi mafuta ophikira a m'sitolo nawonso amathiramo vitamini A, malinga akhale opakidwa kufakitale. Koma funso limene amakonda ndi ili: n'chifukwa chiyani nkhwani wotendera amaposa wongowiritsa ndi mchere?

Yamikani: Nsinjiro zili ndi mafuta. Popanda mafuta, vitamini A wa m'masamba ambiri amangodutsa m'matumbo. Supuni imodzi ya mafuta kapena nsinjiro zodzadza dzanja zikwanira.

Tadala: Chabwino. Tsopano tamvera ili, ndi lolemera. Mayi wa ku Mkanda, mwezi wa Okutobala, khungu lakuda ndi lokakala kuseri kwa manja, pamwamba pa mapazi, komanso kuzungulira khosi ngati mkanda. Akutsegula m'mimba, ndipo abale akuti wayamba kuiwalaiwala.

Yamikani: Pelagira imeneyo, kusowa kwa nayasini, vitamini B3. Zizindikiro ndi zitatu, khungu, m'mimba ndi mutu, ndipo wosathandizidwa amamwalira. Khungu limawonongeka makamaka pamene pamawomba dzuwa, ndiponso mbali zonse ziwiri mofanana. N'chifukwa chake imaonekera kwambiri nyengo yotentha.

Tadala: Koma mayiyu amadya nsima katatu pa tsiku, sagona ndi njala. Zatheka bwanji?

Yamikani: Vuto ndi chimanga chomwecho. Nayasini alimo, koma ndi womangika moti thupi silitha kumutenga. Chinanso, thupi limatha kupanga lokha nayasini kuchokera ku tiriputofani, kachigawo kena ka mapuloteni, mamiligalamu 60 a tiriputofani kutulutsa miligalamu imodzi ya nayasini, koma chimanga chili ndi tiriputofani wochepa. Ndiye munthu wodya nsima ndi masamba okhaokha miyezi ingapo amagwa nayo. Ku Mexico, kumene chimanga chinachokera, amachiphika ndi laimu asanapere, ndipo nayasini uja amamasuka. Ife chimanga tinalandira, koma njira imeneyo sinafike.

Tadala: Akafuna chitsanzo cha kuno kwathu?

Yamikani: Mu 1989 ndi 1990 pelagira inabuka pakati pa anthu othawa nkhondo ku Mozambique amene anali m'misasa kuno ku Malawi. Chakudya chawo chinali chodalira ufa wa chimanga, ndipo mtedza utasowa pa zimene ankalandira, odwala anachuluka. Kunena zoona, ku Mchinji kuno matendawa sayenera kupezeka, mtedza ndi wathu. Chimachitika n'choti banja limagulitsa wonse likangokolola, osasiya ngakhale thumba limodzi la ndiwo.

Tadala: Mankhwala?

Yamikani: Nikotinamayidi, mtundu wina wa nayasini, mamiligalamu 300 pa tsiku ogawa kangapo, kwa masabata atatu kapena anayi kwa munthu wamkulu. Chakudya chikhale mtedza, nyemba, soya, nsomba, mazira. Ufunsenso ngati amamwa mowa kwambiri, kapena ngati ali pa ayisoniyazidi, mankhwala a chifuwa chachikulu aja.

Tadala: Ayisoniyazidi akukhudzidwa bwanji?

Yamikani: Amatsekereza vitamini B6, pomwe B6 ndi amene amathandiza kusandutsa tiriputofani kukhala nayasini. B6 akachepa mapazi amachita dzanzi ndi kutentha, n'chifukwa chake amapereka piridokisini, amene ndi B6 yemweyo, pamodzi ndi mankhwalawo. Tsopano iwe: mgaiwa ndi ufa woyera, wabwino uti?

Tadala: Pa michere, mgaiwa. Pokonola timataya gaga ndi kamtima ka chimanga, m'mene muli thayamini, vitamini B1, ndi mafuta. Tikaviika mphale m'madzi masiku angapo, zotsala zosungunuka m'madzi zimapita ndi madziwo. Thayamini akasowa pamabwera beriberi: miyendo kufooka ndi kuchita dzanzi, kapena kutupa ndi mtima kulephera. Koma ukalembe kuti mgaiwa nawo uli ndi chilema chake. Uli ndi fayiteti wambiri, amene amagwira ayironi ndi zinki m'matumbo kuti zisalowe m'magazi. Kuviika, kumeretsa ngati pokonza chimera, ndi kusasitsa ngati thobwa kumachepetsa fayiteti.

Yamikani: Wafika pa ayironi wekha. Mitundu yake?

Tadala: Wa m'nyama, chiwindi ndi nsomba amalowa m'thupi mosavuta. Wa m'nyemba, soya ndi masamba amalowa movutikira, koma ukadyera pamodzi ndi vitamini C zimayenda. Finyira ndimu pa ndiwo, thira tomato, kapena malizira ndi gwafa. Tiyi ndiye mdani, amamanga ayironi. Amwe patadutsa ola limodzi kapena awiri atadya, osati kutsitsira chakudya.

Yamikani: Mayi woyembekezera timati magazi achepa akafika pati?

Tadala: Himogulobini akatsika pa magalamu 11 pa desilita. Akatsika pa 7 ndiye zafika poopsa. Kusikelo amalandira mapiritsi a tsiku ndi tsiku okhala ndi ayironi mamiligalamu 30 mpaka 60 ndi foliki asidi mamayikulogalamu 400.

Yamikani: Ena amasiyira panjira, mapiritsi n'kumangokhala m'kachikwama ka buku la sikelo. Uwauza chiyani?

Tadala: Uwachenjezeretu tsiku loyamba kuti chimbudzi chidzada, ndipo si matenda. Ena amachita nseru kapena kudzimbidwa. Amwe atadya kapena pogona, amwe madzi ambiri, asamwere tiyi kapena mkaka. Asunge patali ndi ana, chifukwa mwana akameza ambiri atha kufa. Komanso kuchepa magazi si chakudya chokha: uyeze malungo, uganizire njoka za m'mimba ndi likodzo. Ukangolemba za chakudya chokha wataya malikisi.

Yamikani: Foliki asidi achedwa liti?

Tadala: Msana ndi ubongo wa mwana zimatsekeka pofika masiku 28 mimba itangoyamba, nthawi imene amayi ambiri sanadziwe n'komwe kuti aima. Wobwera kusikelo ndi mimba ya miyezi isanu, za msana wotseguka zinatha kale, ngakhale mapiritsiwo amamuthandizabe pa magazi. Woyenera kuyamba ndi amene akukonzekera kutenga mimba. Ndikufunse: B12 ali mu ndiwo ziti zamasamba?

Yamikani: Ukufuna kundikola, aise. Mulibe. Ali m'nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Akasowa magazi amachepa ngati mmene zimakhalira foliki asidi akasowa, maselo ofiira kukula mopitirira, koma B12 amawononganso mitsempha. Ukapereka foliki asidi yekha magazi amaoneka ngati akonzeka pamene mitsempha ikuwonongekabe.

Tadala: Vitamini C, mwachangu.

Yamikani: Magwafa, malambe, masau, malalanje, mandimu, tomato, masamba aawisi. Akasowa nkhama zimatupa n'kumatuluka magazi, mabala sapola. Amawonongeka ndi moto, ndi kudula masamba n'kuwasiya m'madzi, ndiponso ndi soda kapena chidulo. Therere lothira soda limakoma, koma vitamini C ndi thayamini zimathera mu mphika. Tsuka masamba usanadule, madzi akhale ochepa ndi owira kale, vindikira, phula akadali obiriwira, msuzi usataye. Mfutso woyanika padzuwa umataya C ndi A wambiri, ndi bwino kuyanika pamthunzi.

Tadala: D ndi K?

Yamikani: D khungu limapanga lokha likawombedwa ndi dzuwa, ndipo amathandiza kashiamu kulowa m'thupi. Akasowa mwana amapindika miyendo. Kashiamuyo kuno timamupeza mu usipa ndi matemba odyera ndi minga zomwe, komanso mkaka ndi mawere. K ndi woumitsa magazi pabala. Khanda limabadwa naye wochepa, ndiye limabayidwa miligalamu imodzi pantchafu likangobadwa. Yako: chithokomiro.

Tadala: Ayodini. Wamkulu amafunika mamayikulogalamu 150 pa tsiku, woyembekezera 250. Chotupa chapakhosi n'chimene anthu amaona, koma choopsa ndi ubongo wa mwana wosabadwa, umene sukula bwino. Madera akutali ndi nyanja yamchere ngati kwathu kuno dothi lake limakhala ndi ayodini wochepa, ndiye timadalira mchere wothira ayodini. Wa m'paketi yolembedwa, osati wamilumilu wa pamsika umene wakhala padzuwa. Sunga m'chitini chotseka, kutali ndi moto ndi chinyezi, ndipo thira ndiwo zikatsala pang'ono kupsa. Chinangwa chowawa chosaviika bwino chimawonjezera vutoli ayodini akakhala wochepa kale.

Yamikani: Lomaliza. Mwana wa miyezi 9 akutsegula m'mimba. Kupatula thanzi, umupatsa chiyani?

Tadala: Zinki, mamiligalamu 20 pa tsiku kwa masiku 10 mpaka 14.

Yamikani: Akanakhala wa miyezi inayi?

Tadala: Theka la piritsi, mamiligalamu 10, kusungunula mu mkaka wa m'mawere pa supuni. Ndipo mayi auzidwe kuti amalize masiku onsewo ngakhale kutsegulako kutasiya tsiku lachitatu, chifukwa zinki amapoletsa matumbo n'kumuteteza mwana kwa miyezi iwiri kapena itatu yotsatira.