Khutuba ya Ijumaa, Kasungu: Sikelo ndi Ndowa

Poyamba: kutamanda Allah, shahada, ndi kumufunira zabwino Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye).

Abale anga m'Chisilamu, Meyi wafika, soya ndi mtedza zili pamsika, mabelo a fodya akupita ku Chinkhoma. Ambiri tili mu mzikiti muno sabata ino tigwira sikelo, ena pogula, ena pogulitsa.

Khutuba yoyamba

Sura Al-Mutaffifin 83:1-3. Ndiwerenge m'Chiarabu, kenako tanthauzo: tsoka kwa opungula muyeso, amene akamalandira kwa anthu amafuna wodzaza, koma akamayezera anzawo amachepetsa. Apa ndichedwepo. Munthu wotereyu muyeso woona amaudziwa bwino, chifukwa pa tsiku lake logula salola kuti apunjidwe ngakhale kambale kamodzi. Nditchule zathu zomwe: sikelo yofinyidwa yowerenga makilogalamu 47 pa thumba la 50, ndowa yogulira yotukusidwa pamoto, yogulitsira yophwanyidwa kunsi.

Sura Hud 11:84-85, mwachidule. Mneneri Shuaibu adalamula anthu a ku Madiyani kupembedza Allah yekha, pomwepo n'kuwaletsa kupungula miyeso. Adakana, adaonongedwa.

Alimi asaganize kuti lero ndadzera mavenda okha. Mu hadisi ya Muslim, Mtumiki adapisa dzanja mu mulu wa chakudya pamsika, zala n'kutuluka zonyowa. Mwini wake adati ndi mvula. Adamufunsa chifukwa chimene sadaike chonyowacho pamwamba kuti anthu achione, ndipo adati wachinyengo sali wa iye. Mchenga m'thumba la soya, madzi owazidwa pa mtedza, fodya woipa pakati pa belo, zonsezo n'chimodzimodzi.

Khutuba yachiwiri

Imamu Abu Hanifa ankagulitsa nsalu ku Kufa. Zimasimbidwa kuti adauza mnzake wa malonda kuti nsalu ina ili ndi chilema, auze wogula. Mnzakeyo adaiwala, ndipo sadakumbukenso yemwe adagula. Abu Hanifa adapereka ndalama za katundu yenseyo ngati sadaka. Tsiku lina mayi wina adabwera ndi chovala, akufuna madirihamu 100. Iye adamuuza kuti chimaposa pamenepo, mpaka adachigula 500. Ndifunse: gogo wochokera ku Chamama wosadziwa mtengo wa lero, ife timamuuza chiyani?

Muhammad bin Sirin wa ku Basra: adagula mafuta ambiri pa ngongole, adapeza khoswe wakufa m'thumba limodzi. Poopa kuti khosweyo adagwera mafuta asanagawidwe, adataya onse, ngongole n'kumulowetsa m'ndende. (Nthawi ikachepa, iyi ndisiye.)

Za toba: kulapa pakamwa sikukwana pamene uli ndi chamwini. Yemwe ukumudziwa mubwezere. Yemwe sungamupezenso, perekera sadaka m'malo mwake. Sikelo zipite kukayezedwa kwa a Malawi Bureau of Standards.

Duwa: odwala, omwalira, ndi alimi amene ngongole ya feteleza ikuwadikira. Kenako ikama.