Mawu a mphunzitsi wamkulu kwa makolo potsekera chaka choyamba cha ana a sukulu ya mkaka

Makolo nonse, agogo, azakhali ndi amalume, aphunzitsi anzanga, ndi inu eni tsikuli amene mwakhala kutsogolo kuno, takulandirani ndi manja awiri. Sinditalikitsa, chifukwa miyendo ing'onoing'onoyi yayamba kale kuyabwa.

Ana 24 mukuwaonawa anabwera ali ndi zaka 3, ena atangokwanitsa kumene 4. Mukukumbukira m'mawa wa masabata oyamba: misozi pa geti, mwana atakakamira mwendo wa bambo ake, ndipo amayi ena tinkawaona ataima kuseri kwa mpanda kumvetsera ngati watonthola. Kutisiyira mwana wanu akulira sikunali kophweka, koma munatikhulupirira. Zikomo kwambiri.

Ena mwa inu mwakhala mukundifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi anawa amangosewera?" Inde amasewera, ndipo timachita dala. Ubongo wa mwana umakula mofulumira kwambiri m'zaka 5 zoyambirira, ndipo pa msinkhu umenewu amaphunzira ndi manja, makutu ndi miyendo. Akamaumba dongo, zala zikulimba kuti zidzagwire bwino pensulo. Akamaimba n'kumaomba m'manja, khutu likuzolowera kusiyanitsa mawu, ndipo kuwerenga kumayambira pamenepo. Kudikira kuti mnzake atsike pa katungwe ndiye phunziro lovuta kuposa onse, koma ambiri alikhoza.

Pali mnyamata wina pano amene teremu yoyamba yonse sanatulutse mawu. Akafuna madzi ankangoloza kapu. Tsiku lina mnzake anagwa pabwalo, iye n'kupita kukam'sansa fumbi m'mawondo, amvekere, "Usalire, dzuka." Aphunzitsi ake anabwera kudzandiuza maso ali ndi misozi. Zoterezi sizilembedwa pa satifiketi, koma ndi zimene tikukondwerera lero.

Choncho ndikupempheni chinthu chimodzi: musawayerekeze. Wina akuwerenga 1 mpaka 20, wina akafika pa 6 amalumphira pa 9, koma ndi yemweyo amene amavala yekha nsapato n'kuthandizanso anzake. Aliyense akuyenda ndi liwiro lake. Pa tchuthipa muzicheza nawo. Akakufunsani "chifukwa chiyani?" kachisanu, muyankheni kachisanunso. Muwafotokozere nkhani madzulo, muwalole awerenge masipuni ndi makapu, ndipo akakubweretserani chojambula chosaoneka mutu wake, afunseni kuti akuuzeni chimene ajambula.

Aphunzitsi ndi onse otithandiza, inu amene mwapukuta mamina, kusintha zovala zonyowa ndi kuyanjanitsa olimbirana chidole popanda kudandaula, imirirani makolo akuoneni. Tiwaombere m'manja.

Tsopano ana anga, tcherani khutu. Ukamva dzina lako, uimirire, uyende pang'onopang'ono kubwera kwa ine, ulandire satifiketi yako, kenako utembenuke kuti akwanu akuone bwino. Makolo, mwana aliyense timuombere m'manja mofanana, kuyambira woyamba mpaka womaliza. Aphunzitsi, yambani kuitana mayina.